Januwale akubwera: kodi ndalama za golosale yanga zidzakwana?

Mayi a Tadala (Chitakale): Mwaswera bwanji nonse apagulu pano. Ndithandizeni maganizo. Ndili ndi golosale pano pa Chitakale. Disembala uno malonda ayenda bwino, koma ndikaganiza za Januwale mtima sukukhala m'malo. Ku holoselo ina ku Limbe ndinatenga katundu wa K300,000 pangongole, tinapangana kuti ndidzapereke pa 10 Januwale. Fizi ya mwana ikundidikira, lendi nayonso, banki m'khonde nayonso. Ndikawonkhetsa mwezi wonse zikuoneka ngati zikukwana, koma chaka ndi chaka pakati pa Januwale m'kabati mumakhala mopanda ndalama yokapikulira katundu, chonsecho m'kope mukuoneka kuti ndikupindula. Kodi bajeti ya ndalama zolowa ndi zotuluka imalembedwa bwanji kuti munthu adziwiretu tsiku limene adzaperewedwe?

Yohane wa kabaza: Mayi, ngati ndi ndalama mukufuna, alipo bambo wina kuno amabwereketsa tsiku lomwelo, bola musiye chikole. Njinga yangayi ndinakonzetsera ndalama zake.

Mayi a Tadala (Chitakale): Zikomo achimwene, koma sindikufuna katapila ayi. Ndikufuna kudziwa kawerengedwe kake kuti ndisafike pofuna katapilayo.

Madalitso wa ku Limbuli: Nkhaniyi ndi yosavuta anti. Tengani zonse zimene mumagulitsa pamwezi, chotsanipo zonse zimene mumalipira. Chotsalacho chikakhala chochuluka ndiye kuti muli bwino. Ine mpunga ndi nyemba ndimawerengera choncho.

Bambo Chikopa (Luchenza): A Mada, njira yanuyo imakuuzani ngati mwezi wakomera kapena ayi, koma funso la mayiwa ndi lina. Iwo akufunsa za tsiku. Munthu angathe kutsiriza mwezi ali ndi ndalama m'manja koma pa 18 anali wopanda ndi tambala yomwe, ndipo pa 18 pomwepo ndi pamene sopo ndi shuga zinatha pa shelefu. Ndinagwirapo ntchito ya ukalaliki wa ndalama zaka zambiri, ndipo lamulo limene tinkatsata ndi limodzi: ndalama imalembedwa pa tsiku limene idzafike m'manja, osati pa tsiku limene katundu wachoka m'sitolo. Yotuluka nayonso imalembedwa pa tsiku limene idzachoke m'manja, osati pa tsiku limene katundu anabwera.

Mayi a Tadala, ngati simukuona vuto kutchula ndalama zanu pano, tiyeni tiwerengere limodzi. Choyamba, pa 1 Januwale m'mawa mudzakhala ndi zingati? Muphatikize za m'kabati ndi za pafoni, koma musaphatikize katundu wa pa shelefu kapena ngongole za anthu.

Mayi a Tadala (Chitakale): Palibe chobisa bambo. Ndikuyembekeza K300,000 m'kabati ndi K120,000 ku Airtel Money. Zonse pamodzi K420,000. Kunja anthu ali ndi ngongole zanga za K380,000.

Bambo Chikopa (Luchenza): Chabwino, K420,000 ndiye poyambira pathu. Za K380,000 zija tiuzeni, ali nazo ndani ndipo amalandira liti?

Mayi a Tadala (Chitakale): K150,000 ili kwa anthu othyola tiyi pa esiteti ya pafupi nafe. Iwowa amalandira pa masabata awiri aliwonse ndipo salephera, makamaka nyengo ino ya mvula pamene tiyi waphukira ndipo akuthyola wambiri. Ndikuyembekeza K70,000 cha pa 13 kapena 14, ndi K80,000 kumapeto a mwezi. K140,000 ili kwa aphunzitsi ndi anamwino, amapereka malipiro akatuluka. K90,000 yotsalayo ili kwa achibale ndi anansi.

Bambo Chikopa (Luchenza): Za anthu a ku esiteti tilemba zonse, pa masiku mwatchulawo. Za aphunzitsi, Januwale wapita analipira zonse?

Mayi a Tadala (Chitakale): Ayi. Nawonso amakhala ndi fizi ya ana awo. Ena anapereka theka n'kupempha kuti zotsala adzamalize mu Febuluwale.

Bambo Chikopa (Luchenza): Ndiye tilembe K100,000 yokha, osati K140,000. Za achibale ndi anansi tisalembe kalikonse. Sindikunena kuti sadzabweza, koma palibe amene angatchule tsiku lake, ndipo ndalama yopanda tsiku simungailonjeze kwa mwini holoselo. Ikabwera idzakhala yowonjezera. Choncho mwa K380,000 ija, mu bajeti ya Januwale mukulowa K250,000 yokha.

Madalitso wa ku Limbuli: Koma bambo, ngongoleyo ndi ndalama yawo ndithu. Kuisiya kunja sikunamiza buku?

Bambo Chikopa (Luchenza): Ndi yawo, ndipo m'kope la ngongole ikhalebe momwemo, aziilondola. Koma pepala tikulembali ndi la ndalama zimene angathe kulipirira zinthu. Basiketi ya buledi ikabwera m'mawa, wobweretsayo simungamupatse dzina la mlamu wanu amene anatenga mafuta ophikira mu Novembala.

Tsopano zogulitsa. Mayi, Disembala mwagulitsa za ndalama zingati, nanga kope la Januwale wapita likuti bwanji?

Mayi a Tadala (Chitakale): Disembala ndifika mwina K2,400,000 chifukwa cha Khirisimasi. Kope la Januwale wapita ndili nalo, malonda anatsika pafupifupi ndi theka. Koma mitengo yakwera kwambiri kuchokera nthawi imeneyo, ndiye sindikudziwa ngati manambala akalewo angathandize.

Bambo Chikopa (Luchenza): Athandiza, koma musatenge makwacha ake. Muyang'ane kuchuluka kwa katundu: mabelo angati a shuga, makatoni angati a sopo, malita angati a mafuta amene anatuluka sabata iliyonse. Kenako muchulukitse ndi mitengo ya lero. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makwacha a m'makope akale amasocheretsa, koma mabelo sasintha. Komanso muchotseko katundu amene anatuluka pangongole, musiye yekhayo amene anthu analipira pompopompo. Mugawe mwezi panayi: 1 mpaka 7, 8 mpaka 14, 15 mpaka 21, ndi 22 mpaka 31. Tikudikirani.

Esinati wa pa Nkando: Podikirapo ndifunse nawo. Ine ndili ndi kagolosale komanso ndine ejenti wa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Ndalama za fuloti ndiziwerengere pa ndalama zoyambira?

Bambo Chikopa (Luchenza): Ayi achemwali, fuloti ikhale ndi pepala lake. Mukaitenga kukapikulira shuga, kasitomala wofuna kutapa ndalama mudzamubweza, ndipo akabwezedwa kawiri amazolowera kwa ejenti wina. Chimene chilowe mu bajeti ya golosale ndi komishoni yokha, pa tsiku limene imafika.

Mayi a Tadala (Chitakale): Ndabwera. Ndawerengera monga mwanenera. Sabata yoyamba K330,000, chifukwa makolo amagula sopo, shuga, makope ndi mafuta odzola a ana opita kusukulu zogonera konko. Yachiwiri K260,000. Yachitatu K240,000, imeneyi ndiye sabata yowuma, anthu ndalama zonse amathera ku chimanga. Kuyambira pa 22 mpaka kumapeto K470,000, poti ndi masiku khumi komanso anthu amakhala atalandira.

Bambo Chikopa (Luchenza): Mwachita bwino. Tikaphatikiza ndi ngongole zija, zolowa zikhala motere: sabata yoyamba K330,000, yachiwiri K330,000 chifukwa cha K70,000 ya ku esiteti, yachitatu K240,000, yomaliza K650,000 chifukwa cha K80,000 ya ku esiteti ndi K100,000 ya aphunzitsi. Mwezi wonse K1,550,000.

Tsopano zotuluka. Mutchule chilichonse ndi tsiku lake, ngakhale zimene mumatapa m'kabati madzulo kukagulira ndiwo.

Mayi a Tadala (Chitakale): Sabata yoyamba: lendi K60,000 pa 5, fizi K180,000 sukulu zikamatsegulidwa, kupikula ku Limbe K250,000, galimoto ndi onyamula K25,000, mayunitsi a magetsi K10,000, zapakhomo K35,000.

Yachiwiri: K300,000 ya ku holoselo pa 10, banki m'khonde K72,000 pa 12 (ndinatenga K60,000, gulu lathu limaika 20 peresenti), buledi ndi zakumwa zimene amandibweretsera pakhomo K90,000, zapakhomo K35,000.

Yachitatu: kupikula K250,000, mayendedwe K25,000, zapakhomo K35,000, aganyu a kumunda K50,000.

Yomaliza: kupikula K300,000, mayendedwe K25,000, mnyamata amene amandithandiza masana pamodzi ndi chopereka cha mlonda K85,000, zapakhomo K50,000, mayunitsi K10,000.

Madalitso wa ku Limbuli: Ndawonkhetsa. Zotuluka zonse ndi K1,887,000. Zoyambira K420,000 kuphatikiza zolowa K1,550,000 ndi K1,970,000. Mutsala ndi K83,000. Mwaona anti, zikukwana.

Bambo Chikopa (Luchenza): Mwawonkhetsa bwino a Mada, K83,000 ndi yoona. Tsopano tiyende sabata ndi sabata. Chotsala cha sabata iliyonse ndicho choyambira cha sabata yotsatira.

Sabata yoyamba mayi akuyamba ndi K420,000, kukulowa K330,000, kukutuluka K560,000. Akutsala ndi K190,000.

Yachiwiri akuyamba ndi K190,000, kukulowa K330,000, kukutuluka K497,000. Akutsala ndi K23,000.

Yachitatu akuyamba ndi K23,000, kukulowa K240,000, koma zofunika kutuluka ndi K360,000. Apa ndalama zikuperewera ndi K97,000.

Yomaliza ikuyamba ndi kuperewera kwa K97,000, kukulowa K650,000, kukutuluka K470,000, ndipo tikufika pa K83,000 ya a Mada ija.

Wowoloka Ruo nthawi ya mvula sayeza madzi a m'mbali, amafuna kudziwa pakati ndi pakuya bwanji. Pakati pa Januwale wa mayiwa ndi sabata ya 15 mpaka 21.

Mayi a Tadala (Chitakale): Eee, ndi sabata yomweyo imene imandivuta chaka chilichonse. Ndimangopezeka ndalephera kupita ku Limbe, shelefu n'kukhala mbee mpaka anthu atalandira.

Bambo Chikopa (Luchenza): Ndipo pali malo enanso obisika. Yang'anani sabata yachiwiri. Pamapeto pake pakuoneka K23,000, ngati kuti mwadutsa. Koma K70,000 ya ku esiteti ikubwera pa 13 kapena 14, pamene mwini holoselo akufuna ndalama yake pa 10. Pa 8 m'mawa muli ndi K190,000. Sabata imeneyo mumagulitsa pafupifupi K37,000 patsiku, ndiye pa 8 ndi pa 9 mupeza K74,000. Pa 10 m'mawa muli ndi K264,000, musanalipire buledi kapena ndiwo za kunyumba, koma mukufunika K300,000. Nthawi zonse pakakhala chinthu chimodzi chachikulu cholipira, musadalire nambala ya kumapeto a sabata. Muwerengere mpaka m'mawa wa tsiku lenilenilo.

Anambewe (Thyolo boma): Ine ndikuona kuti vuto lili pa fizi ndi zakumunda. Zimenezo si za bizinesi. Kumaphunziro amene tinapita ku gulu lathu la amayi anatiuza kuti thumba la nyumba ndi thumba la bizinesi zisasakanizike. Mukachotsa K180,000 ndi K50,000 imeneyo, golosaleyi ilibe vuto lililonse.

Mayi a Tadala (Chitakale): Ndikumva anzanga, koma fiziyo ichokera kuti? Bambo a kunyumba amagwira maganyu a zomangamanga, ndipo nthawi ya mvula anthu samanga. Golosaleyi ndiyo ikudyetsa nyumba.

Bambo Chikopa (Luchenza): Anambewe akunena zoona pa mbali ya kuwerengera phindu. Mukafuna kudziwa ngati golosale ikupindula, fizi musaiphatikize ndi lendi. Koma pa pepala la ndalama, chilichonse chimene chidzachoke m'kabati chiyenera kulembedwa, apo ayi pepalalo lidzaonetsa ndalama zimene kulibe. Chimene ndingalangize n'chakuti zapakhomo zikhale ndi mzere wake wakewake, kuti mayi aziona kuti mwezi uno nyumba yatenga K385,000 mu golosale. Nambala imeneyo ndi yofunika kuidziwa.

Anambewe (Thyolo boma): Komabe ine ndikanakonda azidzilipira malipiro amodzi okhazikika pamwezi, fizi azisunga pang'onopang'ono kuchokera pamenepo. Mukamatapa m'kabati nthawi iliyonse imene nyumba yafuna, mpamba umatha osadziwa.

Bambo Chikopa (Luchenza): Pa teremu ya Epulo zimenezo zingatheke ngati atayamba mu Febuluwale, K60,000 pamwezi. Ya Januwale uno nthawi yatha kale. Sindikutsutsani.

Madalitso wa ku Limbuli: Ndiye angodumpha ulendo wa ku Limbe wa sabata yachitatu. K275,000 yapulumuka, vuto latha.

Bambo Chikopa (Luchenza): Pamenepo ndi pamene ambiri amagwera. K240,000 ya sabata yachitatu ndi K470,000 ya kumapeto taziwerengera poganiza kuti katundu alipo pa shelefu. Mukachotsa kupikula, muchotsenso zogulitsa. Anthu akalandira pa 27 n'kupeza mulibe shuga, apita kwa mnzanu wa pafupi, ndipo kumeneko akagulanso sopo ndi mchere womwe. Mizere iwiriyi imayendera limodzi.

Njira zotsekera dzenje ngati ili ndi zochepa, ndipo ndi bwino kuyamba ndi zimene sizidya ndalama. Yoyamba, mayi, imbirani mwini holoselo lero, Disembala asanathe, osati pa 9 Januwale. Mumupemphe kuti pa 10 mudzapereke K200,000, ndipo K100,000 mudzamalize pa 28. Wamalonda amamvetsa munthu amene wanena msanga n'kutchula tsiku. Amene amamukwiyitsa ndi wongozimitsa foni tsiku lolipira. Akavomera, sabata yachiwiri mutsala ndi K123,000 ndipo yachitatu ndi K3,000.

Mayi a Tadala (Chitakale): K3,000 si ndalama yotsegulira sitolo. Ngakhale tchenji sichikwana.

Bambo Chikopa (Luchenza): N'chifukwa chake sitiimira pamenepo. Kodi kusukuluko amalola kupereka fizi pawiri?

Mayi a Tadala (Chitakale): Amalola, bola upereke yopitirira theka potsegulira ndi kulemba kalata yolonjeza tsiku lomaliza.

Bambo Chikopa (Luchenza): Ndiye perekani K120,000 potsegulira, K60,000 kumapeto a mwezi. Chachitatu, pa K250,000 ya ulendo woyamba wa ku Limbe, kodi mulibe katundu amene amakhalitsa pa shelefu?

Mayi a Tadala (Chitakale): Alipo. Mbale zapulasitiki, mabisiketi odula, majuwisi a m'mabotolo. Za Khirisimasi zinatsalako ndithu. Ndingathe kuchotsa K50,000 osakhudza shuga, sopo, mafuta, mchere ndi makandulo.

Bambo Chikopa (Luchenza): Apa ndiye mfundo ya a Mada yagwira ntchito: kuchepetsa kupikula, koma pa katundu wochedwa kutuluka yekha. Tsopano manambala asintha. Sabata yoyamba mutsala ndi K300,000, yachiwiri K233,000, yachitatu K113,000, ndipo mwezi mutsiriza ndi K133,000. Pa 10 m'mawa mudzakhala ndi ndalama yopitirira K350,000, ndipo mukupereka K200,000 yokha.

Musankhenso nambala imene simufuna kutsika kupyola pamenepo. Kwa golosale ngati yanuyi ndinganene K100,000, yokwanira tchenji, buledi wa masiku angapo ndi ulendo wa kuchipatala mwana akadwala malungo usiku. Sabata iliyonse imene pepala likuonetsa zochepera pamenepo, muitenge ngati yoperewera ngakhale isanafike pa ziro.

Nagama telala (Bvumbwe): Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Kwa ine zinthu ndi zotembenuka. Januwale ndiye mwezi wanga wabwino chifukwa cha mayunifolomu. Makolo amandipatsa theka la ndalama kumapeto a Disembala, ndiye kabati kamadzaza. Koma mu Febuluwale ndimauma kwambiri. Ndilembe bwanji?

Bambo Chikopa (Luchenza): Ndalama yachikoleyo muilembe pa tsiku imene yalowa, poti ili m'manja. Koma nthawi yomweyo mulembe nsalu, ulusi, mabatani ndi zipi za mayunifolomu omwewo pa tsiku limene mudzakagule. Mukalemba zolowa zokha, kabati kamaoneka kolemera ndi ndalama imene ili kale ndi ntchito yake. Komanso inu mwezi umodzi sukukwanirani. Mulembe Januwale, Febuluwale ndi Malichi pa pepala limodzi, kuti muone kuti ndalama ya mayunifolomu iyenera kulipira lendi ya miyezi ingati.

Nagama telala (Bvumbwe): Nanga amene amasoketsa koma osabwera kudzatenga? Ndili ndi madiresi a ukwati wa mu Okutobala mpaka lero ali pa hang'ala.

Bambo Chikopa (Luchenza): Amenewo ali ngati achibale a mayi a Tadala, alibe tsiku. Musawalembe.

Yohane wa kabaza: Pepani pa zija ndinanena poyamba, tsopano ndamva nkhani yake. Koma bwanji mayiwa osangobwereka K100,000 ku banki m'khonde kwawo komweko? Si katapila imeneyo.

Mayi a Tadala (Chitakale): Lamulo la gulu lathu ndi lakuti sungatenge ina usanabweze yoyamba. Ndikabweza pa 12, ndingathe kupempha pa msonkhano wotsatira, ngati m'bokosi muli ndalama. Januwale aliyense amafuna kubwereka.

Anambewe (Thyolo boma): Kwathu kuno n'kosatheka n'komwe. Tinagawana mu Disembala, bokosi likuyambira pansi.

Bambo Chikopa (Luchenza): Ngongole ikhale njira yomaliza, ndipo mukaitenga muilembe kawiri: K100,000 yolowa mu Januwale, K120,000 yotuluka mu Febuluwale. Mukatero mudzaona kuti dzenje silinatsekeke, langosamukira mwezi wa njala kwambiri ndipo lakula ndi K20,000.

Mayi a Tadala, pali zinthu ziwiri zimene ndisakubisireni. Zimene tachitazi sizinawonjezere ndalama, kupatula K50,000 ya katundu uja. Tangokankhira zolipira kumapeto a mwezi. Sabata yomaliza tsopano ikufuna K630,000, ndipo ikudalira malipiro a aphunzitsi. Malipirowo akachedwa, K100,000 ya ngongole sibwera ndipo malonda nawonso atsika. Choncho ulendo wa ku Limbe wa K300,000 musaupange pa 22. Mudikire ndalama zilowe kaye, muyambe mwalipira holoselo ndi sukulu, kupikula kubwere pambuyo.

Chachiwiri, yesani pepalalo ndi mwezi woipa. Tinene kuti malonda atsika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, mwina mvula yagwa masiku atatu osalekeza ndipo anthu sanatuluke. Pofika kumapeto a sabata yachitatu mudzakhala mutataya K83,000, ndiye m'malo mwa K113,000 mudzakhala ndi K30,000. Mwezi mudzatsiriza ndi K3,000. Mudutsa, koma movutikira, ndipo Febuluwale mudzamuyamba wopanda kanthu pamene lendi ikufunika pa 5.

Esinati wa pa Nkando: Apa ine ndinganene kuti mu Januwale asakongoze aliyense. Katundu wopita pangongole amafunika kumupikulanso ndi ndalama, pamene ndalama yake sinabwere.

Mayi a Tadala (Chitakale): Achibale ndi anansi ndiwakaniza ndithu. Koma anthu a ku esiteti ndi amene amandisunga chaka chonse. Ndikawakaniza mwezi wa njala, apita kwina ndipo sadzabwerera. Iwowa amabweza pa masabata awiri.

Esinati wa pa Nkando: Amabweza lero chifukwa tiyi alipo. Nthawi yachilimwe ntchito ikachepa, ena amabwerera kumidzi kwawo ndi ngongole zanu.

Madalitso wa ku Limbuli: Kuno ku Limbuli ambiri amene amagula kwa ine ndi odutsa, ena ochokera ku Mozambique, ndiye za ngongole sindiyamba n'komwe. Koma golosale ya pamudzi ndi ina, anthu ake ndi omwewo tsiku ndi tsiku.

Bambo Chikopa (Luchenza): Pamenepo sindingagamule, mayi ndi amene akuwadziwa anthu awo. Chimene pepala lingathandize ndi kuika malire. Ngati a ku esiteti akubweza K150,000 mwezi uno, ngongole zatsopano zisapitirire pamenepo. Zikapitirira, ndiye kuti ndalama yokapikulira ikusanduka maina m'kope.

Komanso pepalali si lolemba kamodzi n'kusunga. Pafupi ndi nambala iliyonse yoyembekezera musiye mpata wolemba zimene zachitikadi. Pakutha pa sabata muwerenge ndalama za m'kabati ndi za pafoni, muyerekeze ndi chotsala cha pa pepala. Zikasiyana, mufufuze pomwepo. Ngati zogulitsa zafanana ndi zimene munayembekeza koma ndalama ndi yochepa, ndiye kuti pali zotuluka zosalembedwa: ndalama yodulidwa potapa pafoni, majumbo, chopepesa pamaliro, kapena shuga amene wapita kunyumba osalembedwa. Ngati zogulitsa zenizenizo zatsika, musangokonza sabata yapitayo. Mutsitsenso masabata otsalawo, muone ngati dzenje labwerera.

Mayi a Tadala (Chitakale): Ndaimba ku Limbe. Avomera kugawa, koma osati monga tinafunira. Akuti pa 10 ndipereke K220,000, ndipo K80,000 yotsalayo pa 20, chifukwa nawonso ali ndi owalipira kumapeto a mwezi. Ndayesa kuwerengera ndekha. Sabata yachiwiri nditsala ndi K213,000. Yachitatu kukulowa K240,000, kukutuluka K440,000, nditsala ndi K13,000. Ndalondola?

Bambo Chikopa (Luchenza): Mwalondola mayi. Tsiku la pa 10 mwadutsa bwino, ndipo sabata yomaliza yapepukako, koma pa 20 pagwera m'sabata yowuma ija. K13,000 ndi yochepa kwambiri. Aganyu a kumunda angadikire mpaka pa 27?

Mayi a Tadala (Chitakale): Ayi, ndi anthu ofuna chimanga cha tsiku lomwelo, ndipo udzu sudikira.

Bambo Chikopa (Luchenza): Ndiye chotsala ndi kugawa ulendo wa sabata yachitatu. Mupikule za K160,000 cha pa 16, shuga, sopo ndi mafuta okha, ndipo K90,000 yotsalayo muiphatikize ku ulendo wa kumapeto. Sabata yachitatu mutsala ndi K103,000. Funso ndi lakuti katundu wa K160,000 angakufikitseni mpaka anthu atalandira, poti tanena kuti ulendo womaliza udikire ndalama. Zimenezo yankho lake lili m'kope la mabelo lija, osati kwa ine.

Mayi a Tadala (Chitakale): Sopo ndi mchere zifika. Shuga ndi mafuta ndikukayika, mwina zidzatha cha pa 24 kapena 25.

Esinati wa pa Nkando: Ine ndimapita ku Limbe pafupifupi sabata iliyonse chifukwa cha fuloti. Ngati ndi mabelo awiri a shuga ndi chigubu chimodzi cha mafuta, munganditumizire ndalama pafoni cha pa 23, ndikugulireni, mudzatengere pa Nkando. Mungolipira malo a katundu mu minibasi.

Mayi a Tadala (Chitakale): Zikomo kwambiri achemwali, ndikulemberani kumbali tigwirizane. Bambo Chikopa, ndalama ya shuga ndi mafuta amenewo ndiilembe pa mzere wa kupikula wa sabata yomaliza, n'kuichotsa pa ulendo waukulu uja?

Bambo Chikopa (Luchenza): Eya, muilembe pa 23, tsiku limene idzachoke pafoni panu, pamodzi ndi ndalama yotumizira. Mukatero muwerengere kuyambira pa K103,000 ija mpaka m'mawa wa pa 23, monga tinachitira ndi pa 10, muone ngati ikukwana musanawalonjeze a Esinati.